Fizi Ikachedwa, Kalata Itsogole

Mwa materemu atatu a chaka cha sukulu m'Malawi muno, teremu imene imaliza makolo ambiri ndi yachiwiri, yoyamba mu Januwale. Ndalama zomwe zinalipo zathera ku feteleza ndi kwa aganyu opalira, Khirisimasi yangodutsa kumene, nkhokwe yayamba kuoneka pansi, ndipo chimanga pamsika chakwera mtengo. Mbewu zikadali zanthete m'munda. Nthawi yomweyo ndi pamene mwana akulongedza chikwama, ndipo kapepala ka fizi kali pathebulo.

Sukulu za pulayimale za boma ndi zaulere kuyambira mu 1994, choncho nkhaniyi ikukhudza makamaka makolo amene ana awo ali kusukulu zogonera komweko, zamishoni ndi zapulaiveti. Ambiri mwa makolo amenewa ndalama zikapanda kukwana amasankha kukhala chete. Mwana amamutumiza ndi kangachepe, mumtima akudalira kuti ahedi saona msanga. Pakapita sabata ziwiri kapena zitatu maina a osalipira amawerengedwa pamaso pa anzawo, mwana n'kuuzidwa kuti akatenge fizi kunyumba. Pamenepo banja laluza paziwiri: ndalama ya basi yopita ndi kubwera, imene ikanatha kuchepetsako ngongoleyo, komanso maphunziro a masiku amene mwanayo akhale pakhomo. Ngati ali mu Folomu 4, masikuwo sabwezeka.

Pepala limodzi lolembedwa bwino, lofika kwa mphunzitsi wamkulu sukulu isanatsegulidwe, limatha kuletsa zonsezi. Koma makalata ambiri amene makolo amalemba sagwira ntchito, chifukwa amadzaza ndi madandaulo, pamene ahedi akufuna masiku ndi manambala.

Kuti timvetse bwino, tiyambe taima kaye mbali ya ahediwo. Pasukulu yogonera komweko, fizi ndi imene imasanduka matumba a chimanga ndi nyemba, nkhuni za kukhitchini, mayunitsi a magetsi, madzi, ndi malipiro a ophika ndi alonda. Pasukulu yapulaiveti imalipiranso aphunzitsi. Ogulitsa chimanga sadikira, ndipo mitengo siima. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, sukulu zinapezeka zikugula zinthu pamtengo watsopano ndi fizi imene inakhazikitsidwa pamtengo wakale. Ndiye mphunzitsi wamkulu akamawerenga kalata ya kholo, chisoni angakhale nacho, koma m'mutu mwake muli mafunso atatu: ndalamayi ibwera liti, ibwera yochuluka bwanji, ndipo ichokera kuti? Iye nayenso ali ndi omufunsa. Kusukulu yamishoni kuli bodi, kupulaiveti kuli mwini sukulu, ndipo konse kuli abasala amene amasunga buku la ngongole. Kalata yanu ikhale chinthu chimene ahedi angachitenge n'kukachiika pamaso pa anthu amenewo, n'kunena kuti uyu timudikire, ndondomeko yake ndi iyi.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu imachitika kalata isanalembedwe, pa kapepala kena kowerengera. Tiyerekeze banja lina la ku Dowa, ndipo manambalawa ndi achitsanzo chabe. Mwana wawo wamkazi ali mu Folomu 3 pasukulu yogonera komweko, fizi ndi K300,000 pa teremu. Bambo amalima soya ndi mtedza, mayi amakazinga mandasi. Pofika kumayambiriro kwa Januwale ali ndi K120,000 m'manja. Yotsala ndi K180,000.

Choyamba chimene chimabwera m'mutu mwa mlimi aliyense ndi chakuti, "Ndidzalipira ndikakolola." Mawuwa ndi oona, koma ndi msampha. Soya ndi mtedza zimayamba kulowa pamsika cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo misika ya fodya ya ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu nayo imayamba kutsegulidwa cha mu Epulo momwemo. Nthawi imeneyo teremu yachiwiri yatha kapena ili kumapeto, ndipo yachitatu ikugogoda ndi fizi yakeyake. Amene walonjeza ndalama ya zokolola ndiye kuti wapempha sukulu kuti idyetse mwana wake teremu yonse pangongole, kenako iye adzakumane ndi K480,000 nthawi imodzi: K180,000 yakale ndi K300,000 yatsopano. Ahedi ozindikira amaziona zimenezi kalata isanathe kuwerengedwa. Ndalama ya zokolola isiyeni ikhale ya teremu yachitatu. Ngongole ya teremu yachiwiri ifunireni njira yoti ithe teremuyo isanatseke.

Banja la ku Dowa lija likakhala pansi, lipeza magwero atatu. Mandasi, mwezi ukayenda bwino, amasiya K40,000 atachotsa za ufa, mafuta, shuga ndi ndiwo za pakhomo. Koma nthawi ya mvula makasitomala amachepa ndipo anthu alibe ndalama, choncho pa kapepala alembe K30,000. Mayi ali m'chipereganyu cha anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ulendo wawo wolandira K60,000 ndi kumapeto kwa Febuluwale. M'khola muli mbuzi imodzi yoti itha kugulitsidwa mu Malichi, ina mwa ndalamayo ipite kuchimanga cha pakhomo, K30,000 ipite kusukulu. Zikaphatikizidwa zikutuluka chonchi: K30,000 pa 31 Januwale, K90,000 pa 28 Febuluwale, ndi K60,000 pa 25 Malichi. Zonse pamodzi ndi K180,000.

Taonani kuti magawo atatuwa si ofanana. Anthu ambiri amangogawa ngongole katatu, K60,000 mwezi uliwonse, chifukwa zimaoneka zaudongo. Koma banjali silingapeze K60,000 mu Januwale, ndipo likalephera tsiku loyamba lomwelo, kalata yonse yafa. Magawo azitsatira mmene ndalama imalowera m'nyumba mwanu. Wolandira malipiro apamwezi aike tsiku lake masiku atatu kapena anayi pambuyo pa tsiku lolandira, chifukwa malipiro amachedwa. Wamalonda apamsika angachite bwino kulipira pang'onopang'ono Lachisanu lililonse, ndalama isanadyedwe ndi zina. Ndipo pa kapepalako musalembepo ndalama imene amalume a ku Joni anati aona. Ikabwera mudzalipira msanga n'kudabwitsa abasala, koma isakhale mzati wa ndondomekoyo.

Tsopano kalatayo. Ndi kalata yantchito, yonga imene tinaphunzira kusukulu m'phunziro la Chichewa: keyala ya wolemba ndi tsiku pamwamba, keyala ya wolandira mmunsi mwake chakumanzere, malonje, mutu, thunthu, ndi mathero. Malonje a mphepo ndi mvula ofunsa za ana ndi ziweto ndi a kalata yaubale, muno salowamo. Thunthu la kalata ya banja lija lingaoneke motere:

Bambo,

PEMPHO LOLIPIRA FIZI YA TEREMU YACHIWIRI M'MAGAWO: UJE UJENI, FOLOMU 3

Ndine mayi ake a Uje Ujeni, amene ali mu Folomu 3 pasukulu yanu. Ndalemba kalatayi kukudziwitsani kuti sindikwanitsa kulipira fizi yonse ya teremu ino, K300,000, pa tsiku lotsegulira sukulu, ndipo ndikupempha kuti mundilole kulipira m'magawo.

Ndalama imene tinasunga ya fizi inachepa chifukwa bambo ake anagonekedwa m'chipatala mu Disembala, ndipo ina tinagulira feteleza. Panopa achira ndipo ayambanso ntchito za kumunda.

Ndalipira kale K120,000 ku akaunti ya sukulu, ndipo silipi ya kubanki ndaiphatikiza ndi kalatayi. K180,000 yotsalayo ndidzalipira motere: K30,000 pa 31 Januwale, yochokera m'bizinesi yanga ya mandasi, K90,000 pa 28 Febuluwale, yochokera m'bizinesiyo ndi m'chipereganyu, K60,000 pa 25 Malichi, yochokera m'bizinesiyo ndi mbuzi imene tigulitse.

Ndikupempha kuti pa nthawi imeneyi mwanayu aloledwe kuphunzira, kugona kuhositelo ndi kulemba mayeso otsiriza teremu. Pakakhala chosintha chilichonse ndidzakudziwitsani tsiku lolipira lisanafike. Ngati ndondomekoyi siikugwirizana ndi malamulo a sukulu, ndine wokonzeka kubwera kuti tidzakambirane. Nambala yanga ya foni ili pansipa.

Ndikuthokoza chifukwa chosamalira mwana wanga zaka zitatu zimenezi.

Ine wanu,

Pansi pake pabwere siginecha, dzina lonse lolembedwa mooneka bwino, ndi nambala ya foni.

Kalatayi ndi ya tsamba limodzi, ndipo iyenera kukhala choncho. Mutu wake uli ndi dzina la mwana ndi kalasi, chifukwa mu ofesi ya ahedi mumalowa mapepala ambiri, ndipo ana ofanana maina samasowa. Ngati sukuluyo imapereka nambala kwa wophunzira aliyense, iikeni pomwepo. Ngati dzina lanu ndi losiyana ndi la mwanayo, monga zimakhalira kwa azakhali, agogo kapena amalume olera ana a abale awo, nenani ubalewo m'chiganizo choyamba.

Chifukwa cha kuchedwa chatenga ziganizo ziwiri zokha. Apa ndi pamene makolo ambiri amatayira tsamba lonse, kuyambira chaka chimene mavuto anayamba, kudzudzula bambo a mwana amene anathawa udindo, kutchula abale amene sakuthandiza. Zowawazo ndi zenizeni, sindikuzichepetsa. Koma kalatayi ikalowa mufayilo, ndipo idzawerengedwa ndi abasala, akalaliki, mwina ndi aphunzitsi a mwana wanu. Lembani zokhazo zimene simungachite nazo manyazi mwanayo atazimva kwa wina. Dzina la matenda silifunika, kunena kuti munthu anagonekedwa m'chipatala n'kokwanira. Chiganizo chachiwiri chija, chakuti bambo achira ndipo ayambanso ntchito, n'chofunika kuposa choyamba, chifukwa chikuuza ahedi kuti vutoli ndi lakanthawi.

Za bodza sindichedwapo. Maliro opeka ndi matenda opeka amaululika, chifukwa ahedi amamuitana mwana kuti amupepese, mwana n'kudabwa. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale vuto lenileni likadzagwa, mawu anu sadzamvekanso.

Chimene chimaipatsa kalatayi kulemera ndi silipi yophatikizidwayo. Kholo lolemba kuti lidzayamba kulipira mwezi wamawa ndi kholo lolemba kuti lalipira kale gawo amalandiridwa mosiyana kwambiri, ngakhale ndalamayo ikhale yochepa. Mawu akuti "mwezi wamawa", "posachedwapa" ndi "zikangotheka" abasala sangawalembe m'buku lawo. Tsiku ndi nambala amazilemba.

Ndime yopempha ija nayo muiyang'anitsitse. Makolo ambiri amangoti, "Chonde mundiganizire," osanena chimene akufuna. Ahedi atha kuvomera kudikira, koma mayeso otsiriza teremu akafika, mndandanda wa angongole n'kutuluka, mwana wanu n'kuletsedwa kulowa m'chipinda cholembera chifukwa palibe amene anagwirizana za mayeso. Sukulu zina zimalola mwana kuphunzira koma zimasunga lipoti lake mpaka ngongole ithe. Tchulani chimodzichimodzi: kalasi, hositelo, chakudya ngati chimawerengedwa padera, ndi mayeso. N'chifukwa chakenso tsiku lomaliza kulipira liyenera kuyang'anizana ndi kalendala ya sukulu. Ngati mayeso akuyamba pa 25 Malichi pasanafike, gawo lomalizalo lisunthireni kutsogolo, kapena funsani poyera kuti mwana adzalembe ngongole ikadalipo.

Ena amafunsa ngati kalatayi iyenera kukhala ya Chingerezi. Ine ndimati lembani m'chilankhulo chimene mungathe kuteteza mawu ake onse mukaitanidwa mu ofesi. Kalata ya Chichewa yolembedwa ndi dzanja lanu, manambala ake ooneka bwino, imaposa ya Chingerezi chapamwamba imene anakulemberani wina pakompyuta koma simukudziwa zimene yalonjeza m'dzina lanu. Amene satha kulemba apeze munthu womukhulupirira, anene yekha mawuwo, amuwerengere mokweza pomaliza, kenako adinde chala kapena asaine. Amene asalembe kalatayi ndi mwana mwini wake. Ahedi amadziwa zolemba za ophunzira awo, ndipo amakayikira ngati kholo laionadi. Komanso ndi katundu wolemera kuti mtsikana wa Folomu 3 alembe ndi dzanja lake kuti kwawo kulibe ndalama.

Kapititsidwe kake nakonso kali ndi njira. Ngati sukulu ili pafupi, pitani nayo nokha, sabata yotsegulira isanafike kapena tsiku lotsegulira lomwelo. Tengani makope awiri. Imodzi isiyeni, inayo pemphani kuti ahedi kapena abasala alembepo kuti alandira, aikepo tsiku, asaine, ndipo ngati chidindo cha sukulu chilipo adindepo. Akavomera ndondomekoyo, alembe mawu ovomerawo pa kope yanuyo. Izi si kuwakayikira ahedi. Aphunzitsi aakulu amasamutsidwa, amapita kumisonkhano, ndipo tsiku lothamangitsa angongole amene amagwira mndandanda nthawi zambiri ndi achiwiri awo kapena mphunzitsi woyang'anira hositelo, amene sanamve zimene munakambirana pakamwa. Mwana wanu akhale ndi kope ya pepala losainidwalo m'chikwama chake. Ngati sukulu ili kutali, kalatayo ipite ndi mwana muenvelopu yomata, inu n'kuimba foni tsiku lotsatira kufunsa ngati yafika. Kujambula kalatayo n'kuitumiza pa WhatsApp kumathandiza kuti uthenga ufike msanga, koma pepala lenileni lifikebe, chifukwa ndi limene limalowa mufayilo.

Khalani okonzeka kuti yankho lingakhale lakuti inde, koma. Sukulu zambiri zili ndi lamulo lakuti mwana salowa kuhositelo asanalipire gawo lakutilakuti, ndipo ahedi paokha sangalithyole. Angakuuzeni kuti K120,000 yachepa, muonjezere ifike theka. Musavomere pomwepo chifukwa cha manyazi. Bwererani ku kapepala kowerengera kaja muone ngati mbuzi ingagulitsidwe mu Januwale mmalo mwa Malichi, podziwa kuti miyezi ya njala mbuzi imatsika mtengo chifukwa ogulitsa amachuluka. Ngati sizingatheke, nenani choncho, ndipo funsani kuti pempho lanu lipite kubodi kapena kwa mwini sukulu. Chimene ndimachiopa kwambiri pamenepa ndi katapila. Kholo lapanikizidwa mu ofesi, lituluka n'kukatenga K30,000 yoti lidzabweze ndi chiwongoladzanja chachikulu pakutha pa mwezi, ndipo ndalama ya mandasi imene inalonjezedwa kusukulu pa 31 Januwale imathera kwa wakatapilayo. Ngati ngongole ili yosapeweka, banki m'khonde imene muli membala ndi yopepukirapo, koma nayonso ilembedwe pa kapepalako, chifukwa idzafuna kubwezedwa m'miyezi yomweyo.

Polipira gawo lililonse, ndalama ipite kumene sukulu inanena m'kalata yake ya fizi. Pa silipi ya kubanki lembani dzina la mwana ndi kalasi, osati lanu lokha, chifukwa ndalama yolowa mu akaunti ya sukulu yopanda dzina la wophunzira imakhala yopanda mwini m'buku la abasala, mwana n'kumaonekabe kuti ali ndi ngongole. Silipiyo ipite kwa abasala kuti akupatseni risiti ya sukulu. Mukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wotsimikiza musaufufute, ndipo nambala yake muikopere pakope yanu ya kalata ija. Chenjerani ndi mauthenga apafoni onena kuti sukulu yasintha nambala yolipirira. Imbirani kaye ahedi pa nambala imene mumaidziwa kale. Ndipo musapatsire ndalama mphunzitsi wapanjira, ngakhale ali wakumudzi kwanu, popanda risiti.

Nanga tsiku likafika ndalama palibe? Zimachitika. Wina m'chipereganyu sanasonkhe, kapena mvula yagwa sabata yathunthu mandasi osayenda. Lonjezo lofunika kwambiri m'kalata ija ndi lakuti mudzawadziwitsa tsiku lisanafike. Banja lija likaona pa 25 Febuluwale kuti lili ndi K60,000 mmalo mwa K90,000, lilipire K60,000 yomweyo pa tsiku lake, ndi kakalata ka mizere inayi konena kuti K30,000 yotsala idzabwera pa 10 Malichi, ndi kumene ichokere. Kusunga ndalamayo kuti ikwane kaye ndi kulakwitsa, chifukwa kwa abasala tsiku ladutsa opanda kanthu, ndipo kunyumba ndalama yosungidwa mu Febuluwale imapita kuchigayo. Kusintha ndondomeko kamodzi ahedi amamvetsa. Kachitatu amayamba kuiona kalatayo ngati njira yozembera.

Pali ndalama ina imene kalatayi siingaikhudze, ndiyo ya mayeso a boma. Kumene kholo likuyenera kulipirira mwana mayeso a JCE kapena MSCE, ndalamayo ndi ya bungwe la MANEB, ili ndi tsiku lake lotsekera, ndipo ahedi alibe mphamvu yolisuntha. Kholo la mwana wa Folomu 2 kapena Folomu 4 lifunse msanga za ndalama imeneyi ndi tsiku lake, liiike patsogolo pa kapepala kowerengera, magawo a fizi abwere pambuyo pake. Ngongole ya fizi imakambidwa, koma mwana amene dzina lake silinalembetsedwe amadikira chaka chathunthu.

Kulipira m'magawo kumathandiza pamene ndalama ilipo koma ikubwera mochedwa. Pamene gwero lenilenilo lauma, wopezera banja wamwalira kapena ntchito yatha, ndondomeko yamagawo imangokankhira ngongole kutsogolo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: mukawerengera moona mtima, ndalama zonse zimene mungapatule m'miyezi ya teremu imodzi sizikufika pa fizi ya teremu imodzi. Zikatero kalata yoyenera ndi ina, yonena zoona kuti fiziyo simungaithenso, ndi yopempha ahedi kuti akulozereni kumene kuli thandizo. Iwo amadziwa ngati sukulu kapena mpingo wake uli ndi thumba lothandizira ana ovutika, amatha kulemba kalata yoikira umboni yopita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo ya boma lanu, ndipo amadziwa ngati mabungwe onga CAMFED, amene amathandiza atsikana, akugwira ntchito m'deralo. Ngati zonsezi zakanika ndipo mwana ayenera kusamukira kusukulu yoyendera yapafupi ndi kwanu, pemphani kalata yosamutsira pakutha pa teremu, ngongole isanakule, chifukwa sukulu zambiri sizitulutsa kalata imeneyo kapena lipoti la mwana ngongole ikadali m'buku.